CHIDZIWITSO KWA ALIMI NDI OCHITA MALONDA A ZIWETO: ZOYENERA KUCHITA MUKAFUNA KUSINTHA TSIKU KAPENA MUKACHEDWA PA NTHAWI IMENE MUNAPANGANA NDI MLANGIZI WA ZIWETO

Unduna wa Zaulimi, kudzera ku Nthambi yoona za Umoyo ndi Chitukuko cha Ziweto, ukudziwitsa alimi, ochita malonda a ziweto ndi anthu onse a m'madera a Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma za ndondomeko imene tikupempha kuti tonse tiziitsatira munthu akapangana tsiku ndi mlangizi wa ziweto, kenako n'kupezeka kuti achedwa kapena sakwanitsa n'komwe. Tinene poyambirira pomwe kuti ndondomekoyi ilibe chindapusa. Palibe amene adzalipitsidwe ndalama chifukwa chochedwa kapena chifukwa chosintha tsiku. Chimene tikupempha ndi uthenga, ndipo uthengawo ufike nthawi idakalipo.

Ambiri a inu mukudziwa mmene mlangizi amagwirira ntchito. Munthu mmodzi amayendera midzi yambiri yotalikirana, nthawi zambiri pa njinga yamoto imodzi, ndi mafuta oyezedwa. Akanyamuka m'mawa amakhala atasanja kale ulendo wake: khola loyamba, lachiwiri, lachitatu, motsata njira kuti asamabwerere m'mbuyo. Akafika pa khola loyamba n'kupeza pakhomo pali zii, ng'ombe zapita kudambo, eni ake ali kumunda, amene wataya nthawi si mlangizi yekha. Ola limene wadikira pamenepo lachotsedwa kwa mlimi wa khola lachitatu, amene mwina watsekera ziweto zake kuyambira mbandakucha osazidyetsa.

Mukafuna kusintha tsiku

Ngati mwadziwa kuti simupezeka, dziwitsani mlangizi isanakwane 12 koloko masana a tsiku loti mawa lake ndiye tsiku la pangano. Ngati munapangana Lachinayi, uthenga ufike Lachitatu m'mawa. Ngati munapangana Lolemba, ufike Lachisanu, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu maofesi amakhala otseka. Tasankha masana osati madzulo chifukwa mlangizi amafunika maola angapo kuti apeze mlimi wina woti alowe m'malo mwanu, komanso kuti mlimiyo akonzekere.

Uthenga wake usakhale wautali. Tchulani dzina lanu, mudzi ndi gulupu wanu, ntchito imene munapangana, ndi masiku awiri amene mukuona kuti mudzapezeka. Mutha kuimba foni, kulemba uthenga wa pafoni, kutuma munthu ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, monga ya Mpingu, Chileka, Ming'ongo, Ukwe kapena Demera, kapenanso kudzera kwa mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu. Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha mwaulemu kuti chisawerengedwe ngati uthenga, ndicho kufulasha. Mlangizi ali pa njinga saimva foni, ndipo akaima n'kupeza manambala asanu amufulasha, sangadziwe kuti uyu akuti bwerani msanga, uyu akuti musabwere. Ngati mayunitsi avuta, ndi bwino kutuma mwana wamkulu ndi kakalata kusiyana ndi kukhulupirira kuti kulira kwa foni kamodzi kwanena zonse.

Tikudziwa kuti zina sizipangana ndi munthu. Maliro amagwa usiku, mwana amatentha thupi m'bandakucha, ndipo pakati pa Disembala ndi Malichi mtsinje umene munawoloka dzulo ndi mapazi umatha kudzaza lero. Mwambo wathu sulola kuti m'mudzi muli zovuta wina azikagwira ng'ombe kukhola, ndipo Unduna sukupempha aliyense kuti auphwanye. Zikatero tumizani uthenga pa nthawi imene mwadziwira, ngakhale itakhala 5 koloko m'mawa wa tsiku lomwelo. Mlangizi adzakupatsani tsiku lina loyandikira ndipo sizidzalembedwa kuti munajomba. Tikupemphanso mafumu ndi a makomiti a chitukuko cha m'mudzi kuti akamatumiza uthenga wa maliro, azikumbukirako mlangizi ngati tsikulo kumayembekezeka katemera kapena ntchito ina ya gulu.

Mukachedwa

Mlangizi akafika pakhomo panu pa nthawi imene munapangana n'kupeza kuti simulipo kapena ziweto sizinakonzeke, adzadikira mphindi 30. Zikatha adzasiya uthenga kwa munthu wamkulu amene wamupeza pafupi, n'kupitirira. Ngati njira yake yobwerera ikudutsanso kwanu ndipo dzuwa likadalipo, atha kuimanso, koma limeneli si lonjezo. Pamene inuyo ndi amene mukupita ku ofesi kapena pamalo oyezera ziweto, kuchedwa kosapitirira mphindi 30 kudzachititsa kuti muthandizidwe pambuyo pa amene anafika pa nthawi yawo. Mukachedwa kupitirira ola lathunthu osanena kanthu, mudzapemphedwa kusankha tsiku lina, pokhapokha ngati ntchito ya tsikulo yachepa.

Mawu akuti kukonzeka akufunika kuwamasulira, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amachedwa osadziwa kuti achedwa. Mwini khola atha kukhala pa mpando pakhonde kuyambira 7 koloko, koma ngati ng'ombe ili kubusa mtunda wa ola limodzi, ndiye kuti sanakonzeke. Kukonzeka ndiko kuti chiweto chili m'khola kapena pa chingwe, pali munthu wamphamvu mmodzi kapena awiri ochigwira, pali madzi oyera ndi sopo, ndipo kabuku kolembamo mbiri ya chiwetocho kali pafupi. Komanso pakhale munthu amene angathe kupereka chilolezo. Mlangizi sabaya jakisoni chiweto cha munthu pongomva mawu a mwana wa sukulu. Ngati bambo achoka, awauziretu mayi, kapena mayi awauziretu bambo, zimene anapangana ndi mlangizi.

Amene wajomba kawiri motsatizana popanda uthenga uliwonse sadzakanizidwa thandizo. Koma ulendo wachitatu mlangizi adzanyamuka pokhapokha mlimiyo, kapena mlimi wotsogolera, atatsimikiza m'mawa wa tsikulo kuti zonse zili m'malo.

Chifukwa chake nthawi ili yolimba pa ng'ombe za mkaka

Pali ntchito imodzi imene lamulo la kudziwitsa dzulo lake silingagwire bwino, ndiyo yopatsa ng'ombe bere ndi umuna wa nkhunzi wosungidwa m'timachubu. Pa ntchito imeneyi tsiku silisankhidwa ndi mlimi kapena mlangizi. Limasankhidwa ndi ng'ombe. Tifotokozepo motalikirako, chifukwa alimi a m'magulu a mkaka ndi amene amatayapo zambiri akachedwa ndi maola ochepa chabe.

Ng'ombe yaikazi imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 alionse, ina masiku 18, ina mpaka 24. Imalira pafupipafupi, siikhazikika, mkaka umatsikako, ndipo kumaliseche kwake kumatupa n'kumatuluka chikazi choyera chonanda ngati choyera cha dzira. Chizindikiro chodalirika kuposa zonse ndi chakuti ikakweredwa ndi inzake imaima osathawa. Kuima kumeneku kumatenga maola 12 mpaka 18 basi, ndipo nthawi yotentha ngati mu Okutobala kumatha kufupikirapo. Dzira silituluka pa nthawi imeneyi ayi. Limatuluka patapita maola 10 mpaka 12 ng'ombe italeka kuima, ndipo likatuluka limakhala ndi mphamvu kwa maola ochepa. Umuna nawo ukalowa m'thupi la ng'ombe umafunika maola angapo kuti ukonzeke, kenako umakhala ndi moyo kwa pafupifupi tsiku limodzi. Ntchito yonse yagona pa kukumanitsa ziwirizi zonse zili ndi mphamvu. N'chifukwa chake alangizi amatsatira lamulo losavuta kukumbukira: ng'ombe imene yaoneka ikuima m'mawa ithandizidwe madzulo a tsiku lomwelo, imene yaoneka madzulo ithandizidwe m'mawa wa tsiku lotsatira.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mlimi wa kufupi ndi Namitete ali ndi ng'ombe yaikazi imene sinaberekepo. Lachiwiri 6 koloko m'mawa, popita kukadyetsa, waiona ikuima inzake ikaikwera. Waimba foni nthawi yomweyo, ndipo apangana kuti mlangizi afike 4 koloko madzulo. Masana mlimiyo wapita ku msika kukagula madeya, galimoto yobwerera yachedwa kudzaza, ndipo kiyi wa khola ali m'thumba mwake. Mlangizi wafika 4 koloko, wadikira mpaka 4:30, kenako wapitirira chifukwa kwina kuli ng'ombe inanso ikudikira. Mlimi wafika kunyumba kutada.

Apa pali njira ziwiri. Akaimba usiku womwewo n'kupepesa, mlangizi atha kuyesetsa kufika m'bandakucha wa Lachitatu. Pamenepo padzakhala patadutsa maola pafupifupi 24 chionekere chizindikiro, mwayi wachepa koma sunatheretu, ndipo mlangizi adzamuuza mlimiyo mosabisa kuti asankhe yekha ngati akufuna kuyesa. Koma akangokhala chete mpaka Lachitatu madzulo kapena Lachinayi, palibenso chochita. Ena amaona timagazi kumchira kwa ng'ombe patapita masiku awiri n'kuthamangira kuimba foni poganiza kuti nthawi ndi imeneyi. Timagazi timeneto tikutanthauza kuti nthawi yadutsa kale. Phindu lake n'lakuti mulembe tsikulo m'kabuku, ndipo muyambe kuiyang'anitsitsa ng'ombeyo m'mawa ndi madzulo pakatha masiku 16 kapena 17.

Mlimiyu wataya chiyani? Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 280, ndiye kuphonya ulendo umodzi kwakankhira kubadwa kwa mwana wa ng'ombe, pamodzi ndi kuyamba kukama, kutsogolo ndi milungu itatu. Ngati ng'ombeyo ikanamapereka malita 10 pa tsiku, ndiye kuti malita 210 sadzafika ku gulu la mkaka pa nthawi imene amayembekezeka, pamene udzu, madeya ndi madzi za milungu itatuyo ng'ombe idya ndithu. Aliyense awerengere yekha pa mtengo umene akugulitsira lita.

Palinso chifukwa china chimene mlangizi sayambira ntchito ng'ombe isanagwidwe. Timachubu ta umuna timasungidwa m'botolo lachitsulo momwe muli madzi a nayitulojeni ozizira kwambiri, madigiri 196 kunsi kwa ziro. Kachubu kakachotsedwamo kamasungunulidwa m'madzi ofunda a madigiri 35 mpaka 37 kwa theka la mphindi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe mphindi 10 mpaka 15. Kakasungunuka sikabwezedwanso m'botolo. Choncho mukaona mlangizi wangoima manja m'thumba pamene anyamata akuthamangitsana ndi ng'ombe kuseri kwa nkhokwe, musamuyese waulesi. Akusunga kachubu kanu.

Pa ntchito imeneyi tikupempha zinthu ziwiri zokha. Imbani mukangoona chizindikiro, n'kutchula ola limene mwachiona, osati ola limene mwakumbukira kuimba. Ndipo mukaona kuti muchedwa, nenani pasanathe maola awiri nthawi ya pangano isanakwane, kapena siyani kiyi ndi chilolezo kwa munthu wamkulu wapakhomo.

Katemera wa chitopa, ndi kusintha tsiku kumene tikukufuna

Katemera wa nkhuku wa I-2, amene amapangidwa ku labotale ya ziweto ya boma ku Lilongwe, amaperekedwa podontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse, makamaka mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Katemerayu amapirirako kutentha kuposa ena, koma sagwirizana ndi dzuwa, ndipo botolo likatsegulidwa liyenera kutha m'masiku owerengeka. N'chifukwa chake wopereka katemera amawerengeratu nkhuku za mudzi wonse asanatsegule botolo, ndipo amayamba m'mawa kwambiri.

Kuchedwa kwa pa katemera kumachitika mwa mtundu wake. Sikuti mwini nkhuku wachoka ayi, koma kuti wina watsegula khola 5 koloko monga mwa masiku onse. Nkhuku zakumudzi zikangotuluka, kuzigwira ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo zimene zagwidwa mothamangitsa pa dzuwa zimakhala zitatopa. Pa ntchito ya gulu ngati imeneyi wopereka katemera sadzadikira mphindi 30 pakhomo lililonse. Adzapitirira ku khomo lotsatira, n'kubwereranso kumapeto ngati katemera watsala ndipo nkhuku zagwidwa. Uzani ana usiku wake kuti mawa khola lisatsegulidwe.

Koma pali nthawi imene Unduna ukukupemphani kuti musinthe tsiku, ngakhale m'mawa womwewo. Ngati nkhuku zayamba kufa m'mudzi, zikuodzera, zikutsegula m'mimba zobiriwira kapena kupinda khosi, musabise poopa kuti katemera akudutsani. Katemera si mankhwala ochiza. Amatenga sabata imodzi kapena awiri kuti ayambe kuteteza, ndipo nkhuku imene yatenga kale matenda itha kufa ndithu, kenako anthu n'kumati katemera ndiye wapha nkhuku. Choopsa china n'chakuti munthu amene wagwira nkhuku zodwala amanyamula kachilombo m'manja, m'zovala ndi kunsapato kupita nako kukhomo lotsatira. Chimodzimodzi ndi nkhumba: ngati zayamba kufa mwadzidzidzi, nenani mlangizi asanafike, kuti adziwe kuti kwanu ayenera kudzafikako pomaliza ndiponso atakonzeka, chifukwa chigodola cha nkhumba kuno kwathu chilibe katemera ndipo chimayenda ndi mapazi a anthu. Uthenga woterewu suwerengedwa ngati kujomba.

Kwa ochita malonda a ziweto

Amene mumagula ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba m'misika ya Nsaru, Kabudula, Nambuma ndi kwina kuti mukagulitse mumzinda wa Lilongwe mukudziwa kuti chiphaso chosamutsira ziweto chimaperekedwa ziwetozo zitayezedwa. Kuyeza kumafuna kuwala kwa dzuwa. Mlangizi ayenera kuona mmene chiweto chikuyendera, kuyang'ana m'kamwa ndi m'ziboda ngati muli zilonda, ndi kuwerenga kuti ziweto zilipo zingati. Zimenezi sizichitika ndi tochi ya pafoni, komanso sizichitika bwino ziweto zitapanikizana kale m'galimoto. Wamalonda amene wafika dzuwa litapendeka kwambiri adzapemphedwa kubwera m'mawa, ngakhale galimoto ya hayala itaima pamenepo. Tikumvetsa kuti kugoneka galimoto ndi ndalama, n'chifukwa chake tikulangiza kuti muziitana galimoto ifike kuyeza kutatha, osati kusanayambe.

Ngati chiwerengero chasintha, nenaninso. Munthu amene anapangana zoyezetsa mbuzi 8 n'kubwera ndi 30 watenga nthawi ya anzake atatu. Ndipo chiweto chimene chawonjezedwa kuyeza kutatha sichili pa chiphasocho, chiyenera kuyezedwa pachokha.

Pamene wochedwa ndi mlangizi

Ndondomekoyi ikumanganso ife. Njinga imaphulika tayala, msewu umaterera, ndipo nthawi zina mlangizi amaitanidwa mwadzidzidzi kumene ng'ombe ikulephera kubereka. Zikatero ayenera kukudziwitsani, iye mwini kapena kudzera kwa mlimi wotsogolera, ndi kukuuzani ngati mudikire kapena mumasule ziweto. Ngati patha ola lathunthu chidutsire nthawi ya pangano popanda uthenga, muli ndi ufulu womasula ziweto zanu zikadye, ndipo mudzakhala oyamba kuthandizidwa pa tsiku lotsatira limene mlangizi adzabwere m'dera lanu. Ngati munalipira kale ntchito ina ndipo muli ndi lisiti, simudzalipiranso chifukwa tsiku lasinthidwa ndi ife. Unduna utha kuimitsanso mapangano onse oyeza ziweto zosamutsidwa m'dera limene mwabuka matenda, ndipo zikatero uthenga udzaperekedwa kudzera kwa mafumu, m'misika ndi pawailesi.

Aliyense amene wauzidwa kuti apereke ndalama ya kuchedwa, kapena ndalama yoti alumphe mzere atachedwa, asapereke. Akanene kwa mkulu wa alangizi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake, ndipo ngati sanathandizidwe, apite ku ofesi ya zaulimi ya boma la Lilongwe. Madandaulo a kuchedwa kwa mlangizi adutsenso njira yomweyo. Potero tchulani tsiku, ola limene munapangana ndi ntchito yake, kuti nkhaniyo itsatidwe mosavuta.

Zamwadzidzidzi sizidikira pangano

Zonse zimene tafotokozazi zikukhudza ntchito zokonzeratu. Ng'ombe imene yakhala ikuvutika kubereka kwa maola awiri mwana osatuluka, chiweto chimene chatupa mimba mpaka kulephera kupuma, ziweto zimene zikufa motsatizana, kapena galu amene akuoneka kuti ali ndi chiwewe, zimenezi imbani nthawi ina iliyonse, ngakhale munajombapo kale kawiri. Ngati galu wotereyo waluma munthu, musadikire mlangizi kuti ayambe wafika. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani naye ku chipatala chapafupi, monga cha Kabudula kapena cha Namitete, uku wina akudziwitsa mlangizi za galuyo.

Ndondomekoyi iyamba kugwira ntchito pa tsiku limene chidziwitso chino chamatidwa pa bolodi la ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, pomwe mudzapezanso nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto amene amayendera mudzi wanu. Tikupempha mafumu, atsogoleri a magulu a mkaka ndi a makomiti a misika kuti awerengere anthu awo chidziwitsochi pa msonkhano wotsatira.

Ofesi ya Mneneri
Unduna wa Zaulimi